Chifukwa chiyani timachulukitsa ndi 1.54? Mafunso ndi mayankho pa zipangizo za konkire kwa omanga a ku Mzuzu

Mafunso awa ndi amene eni nyumba, akapitawo ndi anyamata ophunzira zomanga amafunsa kawirikawiri akaona nambala ya 1.54 pa pepala la zogula. Ena amaganiza kuti ndi njira ya mmisiri yobera simenti. Ena amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku koma sadziwa kumene inachokera, ndiye ikawalakwitsa sadziwa pogwira.

Ndikufuna konkire wa kiyubiki mita imodzi. Bwanji mmisiri akuti ndigule zipangizo zopitirira kiyubiki imodzi ndi theka?

Chifukwa mulu wa miyala si miyala yokhayokha. Pakati pa mwala ndi mwala pali mipata, ndipo mumipatamo muli mpweya. Mchenga nawo uli ndi mipata yake, ing'onoing'ono. Ngakhale simenti, ufa wosalala uja, gawo lalikulu la thumba lake ndi mpweya. Mukamagula zinthu zitatuzi padera-padera, mumayeza chilichonse pamodzi ndi mpweya wake. Mukazisakaniza, mchenga umalowa mumipata ya miyala, simenti imalowa mumipata ya mchenga, madzi amalowa m'malo otsala, ndipo mpweya wambiri umatuluka.

Tengani ndowa yodzaza ndi mbatata mpaka pakamwa. Mukhoza kuthiramo nyemba zambirimbiri n'kugwedeza, ndowa osasefukira. Pamwamba pake mukhoza kuthiramonso ufa, ulowa ndithu. Munali ndi zinthu zodzaza ndowa imodzi ndi theka kapena kuposa, koma zonse zakwana mu ndowa imodzi. Palibe chimene chasowa. Zangokhalirana bwino.

Ndiye konkire amene wathiridwa n'kutsenderedwa m'malo mwake, amene amatchedwa voliyumu yonyowa, amakhala wochepa kuposa milu itatu youma imene inamupanga, imene imatchedwa voliyumu youma. Nambala ya 1.54 ikungonena kuti pa kiyubiki mita imodzi iliyonse ya konkire wotha, mufunika pafupifupi makiyubiki mita 1.54 a simenti, mchenga ndi miyala, zoyezedwa zouma, chilichonse pachokha.

Kodi si madzi amene amauma n'kuchepetsa konkire?

Ayi. Konkire akamauma amafota ndithu, koma pang'ono kwambiri, osafika ngakhale milimita imodzi pa mita. Kufota kumeneko ndi kumene kumabweretsa timing'alu pa silabu yosathiriridwa madzi, koma sikukhudzana ndi 1.54. Kuchepa kwakukulu kumachitika pomwe mukusakaniza, konkire asanafike n'komwe pamalo pake. Muyang'ane mulu wouma anyamata asanathire madzi, kenako muyang'ane atatembenuza katatu ndi fosholo madzi alimo. Mulu umagwa maso anu akuona.

Mawu oti "youma" apa sakunena za konkire wouma wa mawa lake. Akunena za zipangizo zisanakhudze madzi.

Nanga 1.54 yeniyeniyo inachokera kuti? Ndingaitsimikize ndekha?

Mungathe, ndipo ndi bwino kuchita zimenezi kamodzi, chifukwa mukaona mmene imabadwira mudzadziwanso nthawi yoikayikira. Tiyeni titenge thumba limodzi la simenti pa kasakanizidwe ka 1:2:4, ndiko kuti muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala.

Thumba la makilogalamu 50 limawerengedwa kuti ndi malita pafupifupi 35, potengera kuti kiyubiki mita ya simenti ya ufa imalemera makilogalamu 1,440. Ndiye mchenga ukhala malita 70, miyala malita 140. Zonse pamodzi ndi malita 245. Iyi ndiye voliyumu youma, zimene munalipira ndalama.

Tsopano tichotsemo mpweya. Timadontho ta simenti patokha ndi tolemera kwambiri, pafupifupi makilogalamu 3.15 pa lita. Choncho makilogalamu 50 aja, atapanda mpweya, amatenga malita 16 okha. Kuchoka pa 35 kufika pa 16: thumba limene mwanyamula paphewa, kupitirira theka la kukula kwake ndi mpweya. Mchenga wouma wosatsendera uli ndi mipata pafupifupi 40 pa 100 alionse, ndiye pa malita 70 mchenga weniweni ndi malita 42. Miyala ya kwale yosweka, ya msinkhu wofanana, mipata yake imatha kufika 45 pa 100, ndiye pa malita 140 mwala weniweni ndi malita 77.

Tikuwonjezera madzi, tinene malita 25 pa thumba. Madzi alibe mipata, amalowa onse mu chiwerengero.

```
16 + 42 + 77 + 25 = 160
245 ÷ 160 = 1.53
```

Malita 245 a zouma, ndi madzi malita 25 pamwamba, abereka konkire wa malita 160 basi. Mukagawa, yankho ndi 1.53, pafupi kwenikweni ndi 1.54. Mutasintha mipata ya miyala kapena kuchuluka kwa madzi pang'ono, yankho lisuntha, n'chifukwa chake ena amalemba 1.52, ena 1.57. Si lamulo lachilengedwe. Ndi nambala ya pakatikati, yochokera ku zipangizo wamba zosakanizidwa mwa masiku onse, ndipo ntchito yake ndi kukuthandizani kugula.

Tiwonetseni ndi nyumba yeniyeni. Silabu ya pansi ndingawerengere bwanji?

Tinene kuti mukumanga ku Chibavi kapena ku Zolozolo, nyumba ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, silabu yokhuthala masentimita 10, kasakanizidwe 1:2:4.

Choyamba pezani konkire amene adzadzaze malowo. Miyeso yonse ikhale mu mamita, ndiye masentimita 10 alembedwa 0.1. Apa ndi pamene ambiri amagwa: munthu amachulukitsa ndi 10 n'kupeza konkire wokwanira kumanga mlatho.

```
8 × 6 × 0.1 = 4.8 m³
4.8 × 1.54 = 7.39 m³
1 + 2 + 4 = 7
```

Mzere woyamba ndi voliyumu yonyowa. Wachiwiri ndi voliyumu youma. Wachitatu ukutiuza kuti makiyubiki 7.39 aja tiwagawa magawo 7, limodzi la simenti, awiri a mchenga, anayi a miyala. Gawo limodzi ndi 7.39 kugawa ndi 7, yomwe ndi 1.056.

```
simenti:  1.056 × 1440 ÷ 50 = 30.4
mchenga:  1.056 × 2 = 2.11 m³
miyala:   1.056 × 4 = 4.22 m³
```

Simenti ndi matumba 30.4, ndipo poti m'sitolo sadula thumba, ndi 31. Mchenga makiyubiki 2.11, miyala makiyubiki 4.22. Muone kuti miyala yokha yatsala pang'ono kufanana ndi silabu yonse. Zimenezi n'zoona ndithu: miyala ndiyo imapanga thupi la konkire, ndipo mchenga, simenti ndi madzi zambiri zimakabisala mumipata yake.

Ziwerengerozi ndi za pa pepala. Sitinawonjezere zotayika, ndipo sitinakonze za mchenga wonyowa. Zibwera m'munsimu.

Nditaiwala kuchulukitsa ndi 1.54, chingachitike n'chiyani?

Pa silabu yomweyi mukanagawa 4.8 ndi 7 mwachindunji, n'kugula matumba 20 a simenti m'malo mwa 31, ndi mchenga ndi miyala zochepa chimodzimodzi. Zipangizo zouma za makiyubiki 4.8 zimabereka konkire wa makiyubiki 3.1 okha. Pa nyumba ya mamita 8, konkire akanathera pa mamita 5.2, chipinda chathunthu chili pa dothi, dzuwa likupendeka, masitolo akutseka.

Kuipa kwake sikuthera pa manyazi. Konkire wa dzulo ndi wa lero sagwirana ngati wothiridwa tsiku limodzi, ndipo pamene akumana pamakhala mzere wofooka umene chinyezi chimadutsira. Mu mzinda wa mvula ngati uno, mzere wotero mudzauona pansi pa matailosi. Koma choopsa kwambiri ndi pamene mmisiri waona msanga kuti zinthu sizikwana, ndipo m'malo mokuuzani wayamba kutambasula: thumba limodzi pa mawilibala ochulukirapo, kapena silabu ya masentimita 10 kukhala ya 6 ndi theka. Pamwamba pake pamaoneka bwinobwino. Mudzadziwa patapita nyengo.

Ena amati tiwonjezere 54 pa 100, ena amati konkire amachepa ndi 35 pa 100. Wolondola ndani?

Onse. Akuyang'ana kuchokera mbali zosiyana. Kuchokera pa konkire kupita ku zipangizo, 1 akukhala 1.54, kukwera ndi 54 pa 100. Kuchokera pa zipangizo kupita ku konkire, 1.54 akukhala 1, kutsika ndi pafupifupi 35 pa 100.

Cholakwika ndi kusakaniza ziwirizi, kutenga 4.8 n'kuwonjezerapo 35 pa 100. Mupeza 6.48 m'malo mwa 7.39, ndipo matumba anayi aperewera. Mukadziwa kukula kwa silabu n'kumafuna zogula, chulukitsani ndi 1.54. Mukakhala ndi milu kale pabwalo n'kumafuna kudziwa ikupatsani konkire wochuluka bwanji, gawani ndi 1.54.

Kodi nambalayi imasintha ndikasintha kasakanizidwe?

Kwenikweni imasintha pang'ono, koma pogula anthu amagwiritsa 1.54 yomweyo pa makasakanizidwe onse odziwika. Chimene chimasintha kwambiri ndi nambala yogawira. Pa 1:3:6 mugawa ndi 10, pa 1:1.5:3 mugawa ndi 5.5. Zotsatira zake, pa kiyubiki mita imodzi ya konkire wotha, 1:3:6 imadya matumba pafupifupi 4.4, 1:2:4 imadya 6.3, ndipo 1:1.5:3 imadya 8. Amisiri akale ambiri manambala atatuwa anangowasunga m'mutu ndipo sachulukitsanso kalikonse. Si cholakwa, 1.54 ili kale mkati mwake. Kungoti musachulukitsenso kachiwiri. Pepala la zogula likanena matumba 6.3 pa kiyubiki kenako n'kuikanso 1.54, wina akudya simenti yanu, modziwa kapena mosadziwa.

Za kasakanizidwe koyenera pa mzati, bimu kapena silabu ya m'mwamba, wonena ndi injiniya wa nyumbayo. 1.54 siidziwa kulimba kwa konkire. Ikhoza kukuwerengerani bwinobwino zipangizo za kasakanizidwe kolakwika.

Mchenga wa kuno sukhala wouma. Zimenezi zili ndi vuto?

Lili lalikulu, ndipo kwa ife a ku Mzuzu ndi funso lofunika kuposa ena onse pa tsamba lino. Kuno mvula imachedwa kusiya, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira kumawaza, nkhungu n'kumanyowetsa zinthu usiku. Mchenga wambiri umafika pamalo omangira uli wachinyezi, wongochoka kumtsinje kapena kudambo, ndipo mkati mwa mulu suuma msanga.

Mchenga wachinyezi umatupa. Kamchenga kalikonse kamakutidwa ndi madzi ochepa amene amagwira timchenga n'kutiletsa kutsetsereka kuti tikhalirane bwino. Muutenge m'manja: wouma umayoyoka pakati pa zala, wachinyezi umaumbika n'kuima wokha. Ukathiridwa mu ndowa uli choncho umasiya mipata yambiri. Kutupaku kumafika 20 mpaka 30 pa 100, ndipo mchenga wosalala kwambiri umatupa kuposa wokhakhala. Chodabwitsa n'choti ukanyoweratu kothetheka, madzi ali chuchuchu, umabwerera pafupi ndi mmene unalili wouma. Woipa ndi wapakatiwu, woti mukaufinya suchucha koma umasiya chinyezi m'dzanja.

Nambala ya 1.54 inawerengedwa poganiza kuti mchenga ndi wouma. Mukayeza malita 70 a mchenga wotupa ndi 25 pa 100, mwathira mchenga wofanana ndi malita 56 okha a wouma. Konkire wake amakhala wamiyalamiyala, wovuta kusalaza, fosholo ikulira, ndipo anyamata amathamangira kuthira madzi ena kuti afewe. Madzi owonjezerawo ndi amene amafooketsa konkire. Komanso konkire wotuluka pa thumba lililonse amachepa, ndiye simenti imatha silabu isanathe ngakhale munawerengera bwino.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Pezani botolo loonekera mkati, lowongoka m'mbali, monga la pulasitiki lodulidwa kumutu. Thiranimo mchenga wa mkati mwa mulu, osatsendera, n'kulemba chizindikiro pamene wafika. Tinene masentimita 20. Khuthulirani mchengawo m'mbale, thirani madzi mpaka theka la botolo, bwezeranimo mchenga wonse pang'onopang'ono mukutakasa ndi kamtengo. Ukakhazikika, yezaninso. Tinene wafika pa 16.

```
(20 − 16) ÷ 16 × 100 = 25
```

Mchenga wanu watupa ndi 25 pa 100. Ndiye pa thumba lililonse muthire malita 87 ndi theka m'malo mwa 70, ndipo pa silabu yathu ija muitanitse makiyubiki 2.64 m'malo mwa 2.11. Madzi othira muwachepetse pang'ono, chifukwa ena abwera kale ndi mchenga. Simenti ndi miyala musazikhudze. Miyala siitupa chonchi.

Botolo lomwelo mukalisiya maola angapo likuuzani chinthu china mwaulere. Pamwamba pa mchenga padzakhala kamzere ka matope. Kakakhala kokhuthala moonekeratu, mchengawo ndi wauve, ndipo palibe nambala imene ingaukonze.

Miyala yoswa ndi manja ndi ya kumakina, 1.54 ndi yofanana?

Osati kwenikweni. Chimene chimalamula mipata ndi maonekedwe a miyala ndi kusiyana kwa misinkhu yake. Mulu wokhala ndi miyala ikuluikulu, yapakati ndi ing'onoing'ono umakhala ndi mipata yochepa, chifukwa ing'onoing'ono yalowa kale pakati pa ikuluikulu. Mulu wa msinkhu umodzi wokha, kapena wa miyala yaphanthiphanthi ndi yosongoka, uli ndi mipata yambiri, ndipo umameza mchenga ndi simenti yambiri kuti udzaze.

Miyala ya amayi ndi abambo oswa ndi hamala m'mbali mwa msewu imasiyana mulu ndi mulu, kutengera mwala ndi dzanja la woswayo. Musaiweruze ndi maso okha. Dzazani ndowa ya malita 20 ndi miyalayo, gwedezani, salazani pamwamba, kenako thirani madzi ndi botolo la lita imodzi mukuwerenga mpaka madzi afike pakamwa. Akalowa malita 8, mipata ndi 40 pa 100. Akalowa 9, ndi 45. Akapitirira pamenepo, werengerani ndi 1.57 ndipo yembekezani kuti mchenga ufunika wochulukirapo pang'ono. Pa silabu yathu kusiyana kwa 1.54 ndi 1.57 ndi theka la thumba kapena kupitirira pang'ono, ndiye si nkhani yoti musagone nayo tulo. Kutupa kwa mchenga kumakulandani zambiri kuposa apa.

Ndawerengera molondola koma simenti yaperewerabe. Ndiye kuti 1.54 ndi yabodza?

Kawirikawiri vuto silikhala nambalayi. Limakhala 4.8 ija. Pa pepala silabu ndi masentimita 10 paliponse. Pamalo enieni, pansi pamene munatsendera dothi ndi zibuma pali zigwa ndi zitunda. Pansi pakangotsika sentimita imodzi yokha pa nyumba yonse ya masikweya mita 48, konkire wowonjezera ndi makiyubiki 0.48, matumba atatu athunthu. Pa mapuloti otsetsereka, amene ndi ochuluka mu mzinda uno, mbali ya kumunsi yokwiriridwa ndi dothi lambiri ndi imene imakonda kutsika. Musanagule simenti, kokani chingwe pamwamba pa maziko mbali ndi mbali, yezani kuya m'malo khumi kapena kuposa, n'kugwiritsa ntchito kuya kwapakatikati, osati kwa pa pulani.

Chimodzimodzi ngalande za maziko zokumbidwa ndi khasu ndi piki, zimene m'mbali mwake mumagumuka mvula ikagwa, ndi matabwa a bimu amene amatupa konkire akalowa ngati sanamangidwe zolimba.

Kenako pali zotayika: konkire wotsalira pansi posakanizira, wotayika pa wilibala, mchenga wa pansi pa mulu wosakanikirana ndi dothi, wokokoloka ndi mvula. 1.54 siiwerengera zimenezi ngakhale pang'ono. Ambiri amawonjezera 5 mpaka 10 pa 100 pamapeto. Pa silabu yathu, matumba 30.4 ndi 5 pa 100 ndi matumba 32. Kwa ine ndi bwino kulemba zinthu zitatuzi mizere yosiyana pa pepala: 1.54 payokha, kutupa kwa mchenga pakokha, zotayika pazokha. Mmisiri akangonena kuti "ndaikamo ya chitetezo" osaonetsa kuti ndi zingati ndipo n'za chiyani, mpamene mikangano imayambira.

Tsiku lothira, ndingadziwe bwanji msanga kuti zinthu zikuyenda monga tinawerengera?

Kumbukirani kuti thumba limodzi pa 1:2:4 limabereka malita pafupifupi 160. Pa silabu ya masentimita 10, amenewo ndi masikweya mita 1.6. Matumba asanu ndi masikweya mita 8, ndiye pa nyumba yotambalala mamita 6, konkire ayenera kukhala atayenda mita imodzi ndi masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Lembani chizindikiro pa maziko pamalo amenewo ntchito isanayambe, ndipo musataye mapepala a matumba otha.

Matumba asanu akatha konkire asanafike pa chizindikiro, ndiye kuti pansi n'pakuya kuposa mmene munaganizira kapena mchenga ukuperewera. Muli ndi nthawi yotuma munthu kukagula ena kukadali m'mawa. Akapitirira chizindikiro kwambiri, musasangalale. Mwina silabu ikupyapyala, mwina mawilibala akudzazidwa mpaka phiri, mwina madzi achuluka, kapena konkire sakutsenderedwa. Konkire wosatsendera amaoneka ngati wabereka zambiri chifukwa mpweya umene unayenera kutuluka wakhalira momwemo, ndipo mpweya wa 1 pa 100 wotsalira mkati umachotsa pafupifupi 5 pa 100 ya kulimba kwake. Pa mzati mudzauona mukachotsa matabwa: mabowomabowo, miyala ili poyera yopanda chokuta.

Ife timayeza ndi wilibala, osati makiyubiki. Tipange bwanji?

Wilibala si muyeso mpaka mutaiyeza. Yomangira yodziwika imanyamula malita pafupifupi 65 itasalazidwa pamwamba, koma zilipo zazing'ono, zophwanyika, ndi zowotcherera kwa amisiri a zitsulo zimene aliyense amapanga mwake. Thiranimo mchenga ndi ndowa ya malita 20 mukuwerenga, musalaze ndi thabwa, mudziwe yanu. Ikakhala ya 65, thumba limodzi pa 1:2:4 likufuna mchenga wouma wilibala imodzi yopitirira pang'ono ndi miyala mawilibala awiri opitirira pang'ono. Ndi ndowa zimatuluka bwino kwambiri: mchenga ndowa zitatu ndi theka, miyala ndowa zisanu ndi ziwiri.

Apa pali msampha wodziwika. Munthu amamva 1:2:4 n'kuyesa thumba limodzi, mawilibala awiri a mchenga, anayi a miyala. Koma wilibala ndi pafupifupi matumba awiri. Chimene wapanga ndi chinthu chapafupi ndi 1:4:8, konkire wongoyalira pansi pa maziko. Simenti idzatsala yambiri, mwini nyumba n'kumayamika mmisiri kuti ndi wosamala.

Njira yabwino koposa ndi kukhoma bokosi la matabwa la masentimita 30 ndi 30, kuya 39, lokhala ndi zogwirira. Limenelo ndi malita 35, thumba limodzi. Mabokosi awiri a mchenga, anayi a miyala, thumba limodzi losatsegula kale. Simenti musaiyeze ndi bokosi kapena ndowa ngati mungapewe, chifukwa ikakhuthulidwa imafufuma ndipo muyeso womwewo umakhala ndi simenti yochepa. Werengani matumba.

Pogula mchenga ndi miyala, yezani bodi ya galimoto ndi tepi, litali, lifupi ndi kuya kwa katundu. "Tiripi imodzi" ya uyu si ya uyo.

Pa matope omangira njerwa ndi pulasitala ndigwiritsenso 1.54?

Ayi. M'matope mulibe miyala, ndiye mipata yodzaza ndi ya mchenga yokha. Nambala yake imakhala pakati pa 1.27 ndi 1.33, ndipo ambiri amatenga 1.33. Khoma la mamita 10 ndi mamita 3, pulasitala wokhuthala mamilimita 15, ndi makiyubiki 0.45. Kuchulukitsa ndi 1.33 ndi 0.6. Pa 1:4 mugawa ndi 5, simenti ndi makiyubiki 0.12, matumba atatu ndi theka, mchenga 0.48. Koma njerwa zowotcha zokhotakhota zimameza pulasitala wambiri m'mizere ndi m'zigwa, ndiye zowonjezera pano zikhale zochuluka kuposa za konkire.

Zitsulo za mkati ndichotsere malo ake? Nanga simenti ya 32.5 ndi 42.5?

Zitsulo zisiyeni. Pa nyumba wamba zimatenga gawo limodzi kapena awiri pa 100 a konkire, ndipo zotayika zimameza kusiyanako. Manambala a 32.5 ndi 42.5 pa thumba akunena za mphamvu ya simenti, osati kukula kwa thumba. Powerengera zogula, thumba la makilogalamu 50 muziliwerengabe malita 35.

Pali nthawi imene nambalayi siigwira ntchito n'komwe?

Ilipo. Mukagula konkire wosakaniza kale wobwera pa galimoto, mumaitanitsa voliyumu yonyowa, 4.8 ija ndi zowonjezera pang'ono, osachulukitsa ndi kalikonse. Mukachulukitsa mudzalipira konkire wa makiyubiki awiri ndi theka wopanda pothira, ndipo sadikira.

Ndiponso pa ntchito zikuluzikulu, pamene injiniya wapereka kasakanizidwe ka makilogalamu, mwachitsanzo simenti yakuti, mchenga wakuti, miyala yakuti ndi madzi akuti pa kiyubiki mita iliyonse, 1.54 ilibe malo. Sikelo siyeza mpweya. Makilogalamu 700 a mchenga wouma ndi 700 basi, kaya wafufuma kaya watsenderedwa, ndipo chimene amakonza kumeneko ndi kulemera kwa madzi amene ali mu mchengawo. Mukapatsidwa pepala lotere, chulukitsani makilogalamuwo ndi voliyumu yonyowa mwachindunji: likanena simenti makilogalamu 320 pa kiyubiki, silabu ya 4.8 ikufuna makilogalamu 1,536, omwe ndi matumba 31.